Kamtengo kasachedwe: zomwe ndaphunzira pa mpikisano wa 4x100

Ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, timu ya amuna ya Japan idatenga siliva pa mpikisano wothamanga mopatsirana kamtengo wa 4x100, itathamanga masekondi 37.60. Mwa anyamata anayiwo, panthawiyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atathamangapo mamita 100 osakwanitsa masekondi 10 pa nthawi yovomerezeka. America idafika pachitatu, koma idachotsedwa chifukwa Mike Rodgers ndi Justin Gatlin adayamba kupatsirana kamtengo asanalowe m'chigawo chololedwa, ndipo mendulo yawo idapita kwa Canada. Powerenga malamulo a masewera othamanga pa maphunziro anga, nkhani imeneyi ndi imene yandithandiza kumvetsa kuti pa mpikisano uwu wothamanga weniweni ndi kamtengo. Anthu anayiwo ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti kasachedwe paliponse.

Pa 4x100 pali malo atatu opatsirana, ndipo alionse ndi otalika mamita 30. Amayambira mamita 20 musanafike pomwe pathera mamita 100 a wothamanga aliyense, n'kuthera mamita 10 kupitirira pamenepo. Mu 2016 sizinali choncho: chigawo chopatsirana chinali cha mamita 20 okha, ndipo kumbuyo kwake kunali mamita 10 oti wolandira ayambirepo liwiro koma osakhudza kamtengo. M'mamita 10 amenewo ndi momwe America idalakwira. Pambuyo pake zigawo ziwirizi zidaphatikizidwa, ndiye 30 ya lero ija.

Woweruza amayang'ana kamtengo, osati mapazi kapena thupi la munthu. Kupatsirana kumayamba pomwe dzanja la wolandira lakhudza kamtengo, ndipo kumatha pomwe katsala m'dzanja lake lokha. Zonsezi zichitike kamtengo kali mkati. Choncho wolandira atha kudumpha mzere womaliza wa chigawocho ndi phazi, koma ngati dzanja lake lili kumbuyo ndipo kamtengo kamukhalira m'manja kasanadutse mzerewo, palibe mlandu.

Nanga malirewa ndi a chiyani? Popanda iwo, timu yokhala ndi katswiri mmodzi bwenzi ikumupatsa theka la mtunda wonse, anzake n'kungothamanga pang'onopang'ono, ndipo mpikisano wa anthu anayi ukadasanduka wa munthu mmodzi. Komabe lamuloli limasiya mpata wa nzeru. Wachiwiri akalandira koyambirira kwa chigawo chake n'kukapereka kumapeto kwa chigawo chotsatira, amanyamula kamtengo mtunda woposa mamita 100, n'chifukwa chake makochi ambiri amaika munthu wamphamvu pamalo amenewa. Phindu lina ndi lakuti wolandira amatenga kamtengo ali kale paliwiro. Jamaica idathamanga 36.84 ku London mu 2012. Mukagawa panayi mupeza 9.21, nthawi imene palibe munthu adaithamangapo pa mamita 100 kuyambira chiimire.

Chomwe chandidyera nthawi yambiri kuchimvetsa ndi chizindikiro chonyamukira. Wolandira amaloledwa kumata katepi kamodzi m'kanjira kake, kumbuyo kwa pomwe waima. Mnzake akangofika pa katepiko, iye amanyamuka ndi mphamvu zonse osacheukanso. Funso ndi lakuti katepiko kakhale patali bwanji.

Tiyerekeze ndi anyamata awiri a kusekondale. Wobwerayo, atatopa kale, akuthamanga mamita 9 pa sekondi. Wolandirayo amatenga masekondi atatu kuti athamange mamita 20 kuchokera poima, ndipo tikufuna apatsirane iye ali pa mamita 20 amenewo. M'masekondi atatuwo wobwera athamanga mamita 27, kutanthauza kuti aposa mnzake ndi mamita 7. Koma sitikufuna kuti amuponde chidendene. Manja onse awiri akatambasuka pakati pawo pamakhala mpata wa pafupifupi mita imodzi, ndipo mita imeneyi ndi yaulere chifukwa kamtengo kamaidutsa popanda woithamanga. Tikaiwonjezera, katepi kakhala pa mamita 8. Othamanga sanyamula choyezera. Amawerenga ndi mapazi, chidendene kugunda chala, ndipo kwa wovala nsapato ya masentimita 28 amenewo ndi mapazi 28 kapena 29.

Masamuwa ndi poyambira chabe, koma akuonetsa pomwe pagona vuto. Wolandira akachedwa kunyamuka ndi masekondi 0.2 okha, mnzake amakhala atadya kale pafupifupi mamita awiri a mpata uja, ndipo amupeza asanatenge liwiro. Akafulumira ndi nthawi yomweyo, mnzake samupeza, chigawo chimatha, ndiye amayenera kuchepetsa liwiro kapena kutuluka. Ku Paris mu 2024 izi ndi zomwe zidagwetsanso America: Kenny Bednarek adanyamuka msanga, adachita kuima kuti Christian Coleman amupeze, awiriwo adawombana, ndipo kamtengo kadasintha manja kunja kwa chigawo. Canada idapambana, South Africa idatenga siliva.

Kochi amakonza katepi poona zomwe zachitika. Wobwera akamadzipanikiza kumsana kwa mnzake, katepi kasunthidwe phazi limodzi kapena awiri kumka kutali. Wolandira akamamuthawa, kabwere pafupi. Koma asanasunthe kalikonse ayambe waonetsetsa kuti wolandira akunyamukadi pa chizindikiro. Ana ambiri mantha akawagwira amanyamuka mnzawo asanafike, ndipo pamenepo katepi n'kosalakwa.

Nkhani ya manja ndi yachidule. Woyamba amagwira kamtengo kudzanja lamanja ndipo amathamanga chamkati mwa kanjira chifukwa ali pokhota. Wachiwiri amalandira ndi lamanzere ali chakunja, wachitatu lamanja, wachinayi lamanzere. Motero palibe wosintha dzanja ali paliwiro, ndipo awiri opatsirana sapondana popeza aliyense ali mbali yakeyake. Matimu ambiri wolandira amatambasulira dzanja kumbuyo ndi m'mwamba, mnzake n'kukankhira kamtengo m'chikhatho. Japan imapereka kuchokera pansi, dzanja la wolandira lili pafupi ndi chiuno. Njira yachiwiriyi imachepetsa mpata waulere uja, koma wolandira sapotoza thupi ndipo liwiro lake silisokonezeka. Kwa ine, kusankha pakati pa ziwirizi si nkhani yaikulu kuyerekeza ndi kuti anthu omwewo abwereze njira imodzi mpaka itawalowerera. Timu yosonkhanitsidwa mawa lake kuli mpikisano, ngakhale ikhale ya akatswiri, imakhala ikuchita juga.

Pokonzekera amayamba ataima pamzere, akugwedeza manja ngati akuthamanga. Wakumbuyo amafuula liwu limodzi lomwe adagwirizana, wakutsogolo amatulutsa dzanja n'kulisiya phee, ndipo wopereka sataya kamtengo mpaka atamva kuti kagwiridwa. Dzanja lofufuza kumbuyo ndi limene limagwetsa kamtengo. Akazolowera amachita akuthamanga pang'ono, kenako awiriawiri paliwiro lonse m'chigawo choyezedwa bwino, ngakhale chikhale cholembedwa ndi laimu kapena phulusa pabwalo la sukulu.

Pa gawo lomalizali pali msampha. Wobwera akayambira pafupi, amafika pa katepi ali ndi mphamvu kuposa momwe adzafikire pa tsiku la mpikisano atathamanga mamita 100 athunthu, ndipo chizindikiro chopezeka mwanjira imeneyi chimakhala patali kwambiri. N'chifukwa chake nthawi zina ayenera kuthamanga mtunda wonse, komanso kubwereza kangapo kokha patsiku, chifukwa miyendo ikalema manambala onse amasintha. Mphepo nayo imalowererapo: ikamawomba wobwera kumaso, katepi kamafunika kubwezedwa pafupi pang'ono.