Kulipira sikubisa chithunzi chanu

Mtima wakhala pansi tsopano. Chomwe chinkandizunguza mutu pa mapulogalamu a AI opanga zithunzi kuchokera ku mawu omwe mwalemba ndachigwira: kuchuluka kwa zithunzi zomwe amakulolani, chidindo cha pachithunzi, ndi chinsinsi chanu, chilichonse chili ndi mtengo wakewake. Kulipira kamodzi sikugula zonse zitatu.

Tengani Midjourney. Pulani yake yotsikitsitsa ndi madola 10 pamwezi, ndipo zithunzi zimatuluka zopanda chidindo pakona. Munthu amangoti poti ndalipira, ndili m'chipinda changa. Ayi ndithu. Chithunzicho, pamodzi ndi mawu omwe mwalemba pochiitanitsa, chimatha kuonedwa ndi ena patsamba la kampaniyo. Chobisira, chomwe amachitcha Stealth Mode, chimayambira pa pulani ya Pro ya madola 60. Ngakhale pamenepo, mukapangira chithunzi m'chipinda cha gulu pa Discord, pulogalamu yochezerapo yomwe Midjourney imagwiranso ntchito, onse omwe ali mmenemo achiona basi. Ndiye kasitomala akakupatsani chithunzi cha mwana wake kuti mupangirepo khadi, kapena chizindikiro cha bizinesi yomwe sanatsegule, musayambe ndi kufunsa mtengo. Funsani kaye kuti chikalowa mmenemo achiona ndani, ndipo achisunga mpaka liti.

Zidindo nazo zili pawiri. Chooneka, ngati kachizindikiro komwe Bing Image Creator imaika pakona, chimachoka mukadula m'mphepete, ngakhale ndi bwino kuwerenga kaye malamulo awo. Chosaoneka ndi nkhani ina. SynthID, yomwe Google inatulutsa mu 2023, imalukidwa m'timadontho tenitenito ta chithunzi chopangidwa ndi mapulogalamu a Google, ndipo anaikonza kuti isafufutike mukadula kapena kuchepetsa chithunzi. Olipira nawonso amakhala nacho.

Pa malire, anthu amangowerenga zithunzi zingati patsiku, kuiwala kukula kwake. Chithunzi cha madontho 1024 mbali zonse, mukachisindikiza pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, chimangokwana masentimita 8.7. Pepala la A4 limafuna 2480 kwa 3508. Mukachikoka mokakamiza, nkhope zimachita chimbuuzi, m'mphepete mwa zilembo mumaoneka timasitepe.

Kwa ine palibe choposa Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu 2022, yoikidwa pa kompyuta yanu. Palibe wokuwerengerani zithunzi, palibe mwezi wotha, ndipo mukangoitsitsa mutha kuzimitsa intaneti, chithunzi cha mwana uja osatuluka m'nyumba. Chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi ambiri a mapulogalamuwa amatha maola akuphunzitsa kalembedwe ka mawu oitanitsira, za malamulo a chinsinsi osazikhudza n'komwe, chonsecho ndi pomwe munthu angalakwire kasitomala.

Pomwe ndikadali njakata ndi pa ndalama. Njira yangayi imafuna kompyuta ya khadi la zithunzi lamphamvu, la 8 GB kapena kuposa kuti musamadikire mpaka kutopa, ndipo laputopu wamba imatentha n'kumakwawa. Kwa munthu wopanga makhadi asanu pamwezi, kaya agule makina otere, kaya angolipira madola 60 mwezi womwe ntchito yachinsinsi yabwera, pamenepo sindinaganize bwino mpaka pano.