Tsiku limene galimoto inandisiya ndikupereka moni

Layisensi yanga inali isanathe ndi mwezi womwe pamene wapolisi wa pamsewu anandiimika koyamba. Ndinkayenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola, wailesi ikulira, mtima uli m'malo. Nditangokhota pakona ndinangoona bambo wovala chovala chonyezimira atatukula dzanja, chikhatho chitayang'ana kwa ine.

Zoyenera kuchita ndinkazidziwa pamtima. Umachotsa phazi pamoto, n'kuyang'ana pagalasi kuti uone amene ali kumbuyo, n'kuyatsa indiketa, kenako n'kumaponda buleki pang'onopang'ono mpaka utapeza malo abwino m'mbali mwa msewu. Mutu unkadziwa, koma phazi langa silinapite nawo kusukulu. Linangoti pa buleki dii! Galimoto inagwada pakati penipeni pa msewu, injini n'kuzima chifukwa kilachi ndinali nditaiwala kuti iliko.

Kumbuyo kunalira matayala ndi hutala ya lole. Pa liwiro limenelo galimoto imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye kuti munthu wakumbuyo asanasunthe n'komwe phazi amakhala atayenda kale mtunda wonsewo. Mwayi wanga unali wakuti dalaivala wa loleyo anasiya mpata wokwanira. Podutsa anandiuza mawu angapo okhudza makolo anga, ine n'kuwalandira ndi manja awiri.

Wapolisi uja anayamba kukupiza dzanja kuti ndichoke pamsewu. Ndinaliza injini, ndipo pofuna kusonyeza kuti ndine munthu wophunzira ndinakankha kamtengo ka indiketa. Mawaipa anayamba kuvina pagalasi louma, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapatuka choncho, mawaipa akukwecha, n'kukaima pamalo otsetsereka, matayala awiri pa dothi, awiri akadali pa tala.

Apa ndi pamene ulemu unandipweteketsa. Ndinaona kuti si bwino munthu wamkulu chotero ayende kudza kwa ine, ine nditakhala ngati bwana. Ndinamasula lamba, ndinatsegula chitseko osayang'ana kumbuyo, n'kuthamangira komwe anali, dzanja lili patsogolo.

“Muli bwanji, bwana?”

Sanayankhe. Maso awo anali kuseri kwa phewa langa.

“Achimwene, m'galimoto mwanumo mwasiya wina woyendetsa?”

Nditacheuka ndinaona galimoto yanga ikupita yokha, mwaulemu ndithu, chitseko chili pululu, mawaipa akunditsanzika. Giya inali pa nyutulo, handibuleki ili gone. Tinaithamangira tonse awiri, iwo atagwira chipewa, ine nsapato imodzi itatsala m'mbuyo. Ndinadziponya pampando chamimba n'kukoka handibuleki, tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kulowa mu ngalande.

Atapezako mpweya anandiuza kuti ndikhale pampando bwinobwino, tiyambirenso. Anati dzanja lawo likakwera sakutanthauza kuti ndiime pomwepo ngati ndagunda khoma. Indiketa ikayaka ndipo liwiro likatsika, iwo amadziwa kuti ndawaona, ndipo kupitirira pang'ono kufuna malo abwino si kuthawa. Anandilozera malo athyathyathya, a dothi lolimba, amene anali patsogolo pang'ono, kutali ndi kona, pomwe galimoto yonse ikanachoka pa tala ndipo iwo akanaima pawindo popanda kuopa kupululidwa ndi magalimoto odutsa. Pakona, pamlatho ndi pamwamba pa chitunda anati ndisadzayerekeze, chifukwa wobwera kumbuyo amakuona mochedwa.

Kenako anandichititsa chimodzichimodzi ngati mwana wa sukulu: handibuleki, mahazadi, kuzimitsa injini ndi wailesi, kutsitsa galasi, manja pa chiwongolero pomwe iwo akuwaona. Usiku, anati, uyatsenso getsi la m'kati. Lamba usamasule, chifukwa akakupeza ulibe adzadziwa bwanji kuti unamanga? Ndipo usatuluke pokhapokha akakuuza.

“Tsopano layisensi.”

Ndinayamba kufufuza m'matumba, pansi pa mpando, paliponse, thukuta lili kamukamu. Anandiletsanso. Anati munthu amayamba wanena komwe kuli mapepala asanapise dzanja, chifukwa wapolisi sadziwa chimene dzanjalo litulutse.

“Ili m'chikwama chakuda, bwana, koma chikwamacho sindikuchiona.”

“Chachingwe chachitali?”

“Chomwecho!”

Anazungulira kumbuyo kwa galimoto n'kubwera nacho, chili mbuu ndi fumbi, pansi pake patanyuka. Chingwe chinali chitapanidwa ndi chitseko cha buti, ndipo chikwamacho chinkakhwekhwereza pa tala kuchokera pomwe ndinanyamukira.

“Ndinakuimikirani chimenechi basi,” anatero. “Zinazi mwawonjezera nokha. Mawaipawo zimitsani, mvula kulibe.”