Bwalo limodzi, matimu awiri: momwe ndikukonzera sewero la kuthetsa mkangano

Pa maphunziro athu a uphunzitsi tauzidwa kukonza phunziro la Sitandade 7 la kuthetsa mikangano mwamtendere, ndipo njira yake ikhale sewero. Chimene chandidyera nthawi ndi kupeza mkangano woyenera. Mkangano woti wina waba cholembera cha mnzake suthandiza, chifukwa wolakwa ndi wodziwikiratu ndipo ana amangodikira chilango. Pamafunika nkhani yoti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka.

Ndasankha ya bwalo la masewero. Anyamata a mpira wa miyendo ndiwo analambula bwalolo ndi kuzika mitengo ya magoli, ndiye akuti ndi lawo. Atsikana a ntchemberembaye malo awo adzadza madzi ndi mvula, pamene masabata awiri akubwerawa akasewera ndi sukulu yoyandikana nayo. Onse akufuna bwalo Lachitatu masana.

Mawu oti aloweze sindiwalembera. Gulu lililonse lilandira kapepala kake, kamene gulu linalo silikaona. Pamwamba pali zimene akunena poyera, pansi pali chimene chikuwavuta kwenikweni. Anyamata akunena kuti "bwalo ndi lathu", koma mantha awo ndi maenje a mitengo ya ntchemberembaye, kuti akatsala pakati pa bwalo wina adzathyokapo mwendo. Atsikana akunena kuti "nafenso ndi ana a sukulu ino", koma chimene akusowa ndi malo osalala okha, ndipo bwalo lawo ndi la mamita pafupifupi 30 m'litali ndi 15 m'lifupi, loti likhoza kukwana kumbali imodzi ya bwalo la mpira. Yankho lilipo, koma silituluka pokhapokha wina afunse mafunso.

Wofunsayo ndi mkhalapakati, ndipo apa ndi pamene sewero lotere limagwera. Mwana ukamuika pampando pakati pa magulu awiri, amasanduka ahedi kapena amfumu, n'kuyamba kugamula. Mkhalapakati sagamula. Kapepala kake ndakalemba mwachidule: apatse gulu lililonse mphindi ziwiri popanda wodula mnzake mawu, abwereze zimene wamva n'kufunsa kuti "kodi ndakumvani bwino?", afunse chifukwa chake, kenaka awasiye eni ake atchule njira. Ndiika awiri, mtsikana ndi mnyamata, ndipo onse asakhale a m'matimuwo. Woyamba kulankhula asankhidwa poponya ndalama m'mwamba. Kakuoneka kakang'ono, koma ana amaona msanga pamene pali kukondera.

Mphindi 35 ndazigawa chonchi: zisanu zofotokoza nkhani, zisanu ndi ziwiri zoti magulu awerenge timapepala ndi kupangana, 10 za sewero, 10 zokambirana, zotsalazo zolemba m'makope. Osewera ndi asanu ndi atatu okha, atatu mbali iliyonse ndi amkhalapakati awiri. Nanga kalasi yonseyo? Ikangokhala yoonerera, sewero limasanduka nthabwala, wina ayamba kuyenda motsimphina ngati gogo, anzake ali kikiki, phunziro lathera pomwepo. Choncho oonerera ali ndi ntchito. Mizere ya kumanzere iwerenga kuti mbali iliyonse yalankhula kangati ndipo yadulidwa mawu kangati. Mizere ya kumanja ilemba funso limene latsegula nkhani, ngati lilipo.

Ndikuyembekezera kuti ana athamangira kunena kuti "agawane, sabata ino anyamata, ya mawa atsikana". Kugawana pakati kumamveka ngati chilungamo, koma taonani: atsikana atsala ndi tsiku limodzi lokha lokonzekera, ndipo nkhawa ya maenje palibe waikhudza. Akafika pamenepo sindiwatsutsa ndekha. Ndifunsa wa mbali iliyonse kuti, "Ukanakhala m'gulu linalo, ukanavomera?" Akakayika, ndiye kuti mgwirizanowo sunapse, abwererenso kukafunsana.

Pokambirana ndiwauzanso kuti izi si za kusukulu kokha. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, pa gawo 13, amatchula kukambirana ndi umkhalapakati ngati njira zimene boma liyenera kulimbikitsa pothetsa kusamvana. Ana ambiri anaonaponso ankhoswe ali pa mphasa ndi banja limene layambana. Koma afunika kudziwanso malire ake: pamene wina wamenyedwa, waopsezedwa kapena wagwiriridwa, imeneyo si nkhani ya mkhalapakati wa m'kalasi, ipite kwa aphunzitsi.

Sewero likatha, osewera aima kutsogolo, aliyense atchula dzina lake lenileni, agwirana chanza, kenaka akhala pansi mosakanikirana. Popanda zimenezi, mawu amene anaponyerana m'sewero amakawapitiriza panja nthawi ya buleki. Pa chifukwa chomwechi, ngati pasukulu pamene ndikaphunzitse pali mkangano weniweni wa bwalo, ndisintha nkhani ikhale ya makalasi awiri olimbirana mjigo.