Sabata yachinayi timachepetsa ntchito, liwiro likhale lomwelo

Ndondomeko ya timu yathu yokonzekera mipikisano yothamanga ndi ya masabata 12, ndipo ndinaigawa patatu, masabata anayianayi. Chigawo choyamba n'cholimbitsa thupi lonse ndi mpweya, chachiwiri mwana aliyense amalunjika pa mtunda wake, chachitatu n'chonola liwiro. M'chigawo chilichonse ntchito imakwera kwa masabata atatu, kenako n'kutsika. Sabata yathayi inali yotsitsa yoyamba.

Lolemba ndinali ndi anyamata a mamita 800. Sabata yachitatu anathamanga mamita 200 maulendo 8, ulendo uliwonse masekondi 34, akupuma mphindi ziwiri pakati. Tsopano ndinawapatsa maulendo 5 okha, koma masekondi omwewo. Chimene timadula ndi kuchuluka kwa ntchito. Mukadulanso liwiro, miyendo imalemera, ndipo sabata yachisanu mumayambiranso pansi. Lachiwiri anangothamanga pang'onopang'ono, chifukwa sindilola masiku awiri olemetsa kutsatizana.

Lachitatu mphunzitsi mnzanga, poona ana akudumphadumpha, anati: "Aphunzitsi, anawa mphamvu ali nazo, bwanji tiwayese nthawi lero?" Ndinakana. Mphamvu ankaionayo ndi umboni wakuti kupuma kwayamba kugwira ntchito, ndipo thupi limamangika nthawi yopuma imeneyi. Komanso mtima ndi minofu zimazolowera ntchito msanga, pamene mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimachedwa. Mwana amene akukula amamva kuti angathe, mafupa ake asanakonzeke.

Zimenezi zinaonekera pa mtsikana wina wa mamita 1500. Ana onse ndinawaphunzitsa kuwerenga kugunda kwa mtima akangodzuka. Wake umagunda ka 62 pa mphindi, koma masiku angapo otsatizana unali pafupi ndi 70, ndipo ankadandaula msongolo. Ndinamupempha aloze pamene pakupweteka. Ululu ukamwazika m'mbali mwa fupa, nthawi zambiri kuchepetsa ntchito ndi kuthamanga pa udzu kumathandiza. Iye analoza malo amodzi ndi chala chimodzi, ndipo atadinapo anakwinya nkhope. Ululu wotere ungakhale chizindikiro chakuti fupa layamba kung'aluka, choncho ndinamuimitsa ndipo ndinauza makolo ake kuti akamuonetse kuchipatala. Zinandikhudza kwambiri, poti mwanayu sajomba n'komwe.

Lachisanu ndinakhala pansi ndi kaundula kukonza chigawo chachiwiri. A mamita 800 ayamba kuthamanga mamita 300 pa liwiro loyandikira la mpikisano, maulendo ochepa, kupuma kotalikirapo. Amene anajomba masabata awiri chifukwa cha mayeso kapena matenda sapita nawo kumeneko. Ayamba abwereza ntchito ya sabata yachiwiri ndi yachitatu, ngakhale zitanthauze kuti mpikisano woyamba adzathamanga liwiro lawo lisananoleke.