Ndinakuonani Loweruka usiku

Ndimagulitsa mabatire a sola ndi mainiveta, ndipo amene ndimawalota ndi eni malo ogona alendo a kunyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhata Bay. Sandidziwa anthuwa, choncho ndimangowalembera imelo, odi wa munthu wosaitanidwa.

Kwa miyezi iwiri mutu wa imelo yanga unali woona mtima ngati lisiti: "Tikugulitsa mabatire a sola a 200Ah ndi mainiveta a 5kVA pamtengo wotsika". Mayankho, zii.

Msuweni wanga, amene amagwira ntchito yotsatsa malonda ku Blantyre, atauona anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Iwe, wamuuza zonse ali pakhomo, ndiye alowerenji m'nyumba?" Anandionetsa pafoni. Mutu umaoneka zilembo pafupifupi 30 kapena 40, kwinako kumaduka, ndiye chimene bwana ankaona ndi "Tikugulitsa mabatire a sola" basi. Mawu oyambawo akwanira kuti adziwe kuti ndi wamalonda, adziyankhe kuti jenereta ali nayo, nafufuta osatsegula. Nthawi zina Gmail inkamuthandiza kale poikankhira ku Promotions. Koma mutu ukakhudza chinthu chake n'kumusiyira funso, chala chimayabwa, chifukwa yankho lili m'kati. Anandichenjeza chimodzi: funsolo liyankhidwe m'mizere yoyambirira, lisakhale nyambo yopanda kanthu.

Tinagawa maadiresi 80 pawiri. Uthenga umodzimodzi, tsiku limodzi, kusiyana mutu wokha. Gulu loyamba linalandira lisiti langa lija, lachiwiri "Chambo cha m'firiji magetsi akazima?" ndipo kwa magulu onse awiri m'kati ndinayamba ndi kuwerengera maola amene batire ingasunge firiji ikuzizira. Msuweni anati tiwerenge oyankha, osati otsegula, pakuti kuyambira 2021 Apple Mail imatha kukoka yokha zithunzi za mu imelo, n'kuoneka ngati munthu wawerenga pamene sanaigwire n'komwe. Gulu loyamba anayankha mmodzi, wondipempha kuti ndisiye kumulembera. Lachiwiri anayankha asanu ndi mmodzi, awiri anafunsa mtengo.

Apa ndi pamene nzeru zinandichulukira. Ndinati ngati mchere pang'ono wakometsa ndiwo, ndithire thumba lonse. Ndinali nditadutsa ku Salima Loweruka lina usiku, n'kuona malo angapo ali mumdima wa bii. Ndiye osamufunsa msuweni, ndinatumiza kwa anthu 50 mutu wakuti "Ndinakuonani Loweruka usiku". Chimene ndinaiwala n'chakuti pansi pa mutu foni imaonetsanso chiyambi cha uthenga. Changa chinkati: "Bwana, musadandaule, tikhoza kukonza zimenezi mwakachetechete." Ine ndinkanena za iniveta, imene silira ngati jenereta.

Pasanathe mphindi khumi foni inalira. Bambo wina, mawu apansipansi, ngati akuyankhulira m'bafa.

"Mukufuna zingati, achimwene?"

Mtima unati phaa. Kasitomala wosanenerera! Ndinatchula mtengo wonse, n'kuwonjezera kuti akhoza kupereka theka lero, theka tikamaliza.

"Ndalama zonsezo? Mulibe chisoni inu?"

"Bwana, n'zotsika mtengo poyerekeza ndi zimene mungataye. Ndipo pali chitsimikizo cha zaka ziwiri."

"Zikatha zaka ziwirizo?"

"Timadzakambirananso."

Anapuma mozama. Pofuna kumulimbitsa mtima ndinati tikabwera tidzawafotokozeranso mayi zonse bwinobwino, kuti nawonso adziwe mmene zimayendera iye akachokapo.

Phee. Ndinamva madzi akudontha pampopi. Kenako anafunsa, pang'onopang'ono, kuti kwenikweni ndinaona chiyani. Ndinati mdima, bwana, chipata mpaka kukhitchini, ngakhale babu limodzi. Zimene anandiuza pambuyo pake sindingazilembe, koma zinafika mpaka kwa agogo anga.

Tsiku limenelo imelo inatsegulidwa kuposa ina iliyonse imene ndinatumizapo, ndipo sindinagulitse ngakhale waya. Ena atatu anayankha ndi mawu amodzimodzi, "Ndinu ndani?" Enanso ayenera kuti anadina Report spam, chifukwa sabata yotsatira ngakhale makotesheni opita kwa aja ofuna kusunga chambo ankagwera mu Spam, ndipo ndinkachita kuwaimbira kuti akawavuule kumeneko.

Lolemba m'mawa inalowa nambala yachilendo. Mawu a mayi, odekha kwambiri. Anati imelo ya pamalo pawo amaiwerenga onse awiri, ndipo akufuna tikumane ndiwauze zimene ndinaona Loweruka. Ndinalumbira kuti ndinaona mdima wokha.

"Ndi mmenenso akunenera bambo," anatero. "Mwagwirizana zingati?"