Kanema Wanga Anaitana Anthu ku Thandizo Limene Kunalibe

Alamu anga atapuma ntchito ya ku minda ya nzimbe ku Nchalo, anaika ndalama zawo zonse m'sitolo ya zakudya ndi ziwiya pa Ngabu, chapafupi ndi msewu wa M1, ndipo anakonza zoitsegula Loweruka lomaliza la Okutobala 2023. Popeza ine ndine mphunzitsi komanso foni yanga ndi imene inali ndi kamera yooneka bwino m'banja monse, anandisankha popanda kundifunsa kuti ndilembe kanema wamfupi wochititsa anthu chidwi sitoloyo isanatsegulidwe. Malipiro anali paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira, zodzalandira pa tsiku lotsegulira.

Ntchitoyi ndinaiyamba mwaukatswiri ndithu. Ndinatenga pepala n'kuligawa pakati, kumanzere ndikulemba zimene munthu adzaone, kumanja zimene adzamve, ndipo m'mphepete ndinkalemba masekondi. Kanema wotere sanena zonse: amaonetsa pang'ono, n'kubisa chinthu chimodzi kuti munthu anyamuke yekha kukachiona. Ndinkadziwanso kuti masekondi atatu oyamba ndiwo amagwira munthu kapena kumutaya, kuti chithunzi chiyenera kukhala choimirira chifukwa ndi mmene anthu amagwirira foni, ndiponso kuti nthawi imeneyo malo a Status pa WhatsApp ankalola kanema wa masekondi 30 okha. Nditawerenga mawu anga mokweza ndi wotchi m'manja, ndinapeza kuti mawu a Chichewa okwanira m'masekondi amenewo, ukamalankhula modekha, sapitirira kwenikweni 45, pakuti mawu athu ndi aatali ndipo liwu limodzi ngati "simudzavutikanso" limadya sekondi yathunthu ndi theka. Ndinadula apa ndi apo mpaka zonse zinakwana m'masekondi 28.

Dongosolo lake linali lotere. Poyamba chitseko cha lole chikutseguka, matumba a ufa akuoneka, mawu akuti, "Ngabu, mwakonzeka?" Kenako anyamata akutsitsa matumba, zigubu za mafuta, ndowa ndi makatoni a sopo, mawu akuti, "Chimene mwakhala mukudikira chafika." Pambuyo pake khomo la nyumba lokutidwa ndi lona wabuluu, mawu akuti, "Simudzavutikanso kupita kutali, aliyense adzapeza chake." Ndiyeno tsiku, nthawi ndi malo zikuoneka m'zilembo zikuluzikulu. Chinsinsi chonse ndinachisungira kumapeto, pamene lona uja akugwa, chikwangwani cha sitolo chikuonekera, ndipo alamu aima kuseri kwa kauntala akunena kuti mitengo ndi yotsika.

Vuto linayamba pamene alamu anawerenga pepalalo. Anavala magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu, mchere uli kuti? Nanga nyama ya soya? Katundu ndagula ndi ndalama zanga, ndiye aliyense aoneke." Ndinawafotokozera kuti kanema wokopa anthu si mndandanda wa katundu, koma iwo anayankha kuti munthu amene wagula matumba a mchere ndi amene amadziwa ngati mcherewo uli wofunika. Mlongo wanga, amene ndi mkazi wawo, anaonjezera kuti mabeseni ndi iye anasankha ku Limbe, choncho sangasiyidwe. Mchere unalowa, soya analowa, mabeseni analowa, ndipo masekondi 28 aja anakhala 42.

Kujambula kunali ndi mavuto akeake. Dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno silichita nthabwala, moti tsiku limene tinayesa kujambula masana foni inatentha n'kuzimitsa kamera yokha anyamata ali ndi matumba pamutu. Tinasamukira m'mawa kwambiri, pamene kuwala kumakhala kofewa ndipo nkhope sizichita mithunzi. Mawu ndinawajambula padera usiku m'chipinda, nditafunda bulangete kuti mphepo ndi phokoso la njinga zamoto zisalowe, ndipo amene amadziwa kutentha kwa Ngabu aganize yekha mmene ndinatulukira m'bulangetemo. Nditalumikiza zonse, kanemayo anatuluka wokongola, ndipo ndinamutumiza kwa alamu Lachiwiri madzulo.

Alamu anamuika pa Status. Foni inadula yokha masekondi 30 oyamba n'kutaya otsalawo, ndipo iwo sanalabadire kamzere kodulira kamene kamaoneka pamwamba. Aliyense amene anawalembera kuti "nditumizireni," anamutumizira chidutswa chomwecho, ndipo chidutswacho ndi chimene chinayenda m'magulu a mpingo, a banki m'khonde ndi a anyamata a kabaza mpaka ku Bangula. Choncho anthu anaona lole, matumba a ufa, zigubu za mafuta, ndowa, sopo ndi lona wabuluu, anamva kuti chimene akhala akudikira chafika ndiponso kuti aliyense adzapeza chake, anawerenga kuti Loweruka 8 koloko m'mawa, kanema n'kuthera pomwepo. Chikwangwani, kauntala ndi mitengo zonse zinatsala m'masekondi 12 otayidwa aja, ndipo mawu akuti sitolo sanamveke pena paliponse.

Anthu sanalakwitse kuganiza zimene anaganiza. Chigwa cha Shire chinali chitakumana ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti lole yotsitsa ufa, mafuta, ndowa ndi soya pafupi ndi lona wabuluu imatanthauza thandizo. Popanda kudziwa, ndinali nditajambula ndendende katundu amene amagawidwa pa nthawi ya ngozi, ndi m'ndondomeko yake yomwe.

Zizindikiro zinalipo kuyambira Lachitatu. Kanema wa malonda akagwira bwino, anthu amafunsa mitengo, amafunsa ngati padzakhale kuchotsera, ena amafunsa ngati ngongole ikhale yololedwa. Alamu sanalandire funso la mtengo ngakhale limodzi. Mafunso anali akuti, "Kodi kulembetsa ndi kwa ndani?" ndiponso "Tibwere ndi chitupa cha unzika?" Iwo, pokumbukira kuti ndinawalangiza kuti asaulule chinsinsi msanga, ankayankha aliyense mofanana kuti, "Ingobwerani nonse, muuzekonso anzanu." Madzulo ankandiimbira mosangalala kundiuza kuti kanema wathu wagwedeza boma lonse la Chikwawa.

Loweruka ndinafika kusanache bwino kuti ndijambule kutsegulirako, ndipo ndinapeza mzere utakhota kale kuseri kwa nyumba zoyandikana. Zinandisangalatsa kwambiri, mpaka ndinayamba kujambula, koma m'kamera ndi mmene ndinaonera kuti aliyense wanyamula thumba lopanda kanthu lopindidwa bwino m'khwapa. Amayi anali mzere wawo, abambo wawo, ndipo okalamba anali atawakhazika patsogolo pamthunzi. Mnyamata wina amene palibe anamusankha anali atayamba kale kulemba mayina m'kope, mudzi ndi mudzi. Ngolo ziwiri za ng'ombe zinaima chapatali kudikira katundu.

Alamu anatuluka atavala jekete, anakweza manja, anthu n'kuomba m'manja ndipo amayi anaimba nthungululu. Anakoka chingwe, lona anagwa, chikwangwani chinaonekera ndi mawu ake ofiira akuti sitolo, ndipo pansi pake panali kapepala kamene mlongo wanga anamata kakuti ngongole ndi mawa. Nthungululu zija zinazimirira imodziimodzi. Agogo ena amene anali patsogolo anafunsa mwaulemu kuti, "Mwanangu, ndiye amene akugawa ndi ndani?" Alamu anayankha kuti palibe akugawa, koma kuti mafuta a lita imodzi ali pa mtengo wabwino. Mzere wonse unatembenukira kwa munthu amene anali ndi foni m'mwamba, ndipo wina anafuula kuti mawu a m'kanema uja ndi a aphunzitsi awa.

Apa ndi pamene anafika afumu a dera lija, atakwera njinga ya kabaza, nkhope itakwinyika. Iwo sanabwerere ufa. Anabwera kudzafunsa kuti ndi bungwe liti limene lalowa m'mudzi mwawo n'kuyamba kulemba anthu mayina popanda kudzera kwa iwo. Anandikhazika pa thumba la mchere, mchere womwe uja, n'kundiuza kuti ndifotokoze. Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa foni kuti aone kanema yense wa masekondi 42. Anaonera mpaka kumapeto, anabwereza, kenako anati, "Aphunzitsi, nkhani yeniyeni mwaiika kumchira. Kodi m'kalasi mumayamba ndi kugawa mayeso, phunziro n'kudzabwera ana ataweruka?" Anthu anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunatipulumutsa. Anagamula kuti okalamba amene anayenda mtunda wautali apatsidwe chakumwa ndi sopo mmodzimmodzi, ndiponso kuti eni ngolo alipidwe ulendo wawo.

Masana omwewo afumu anandilamula kuti ndikonze kanema wina wochotsa chisokonezo, chifukwa anamva kuti anthu a kutsidya kwa Shire akukonzeka kubwera Lolemba. Uyu ndinamulemba mosiyana. Chithunzi choyamba chinali dzanja likupereka ndalama pa kauntala ndi lina likubweza chenji, ndipo mawu akuti "Sitolo yatsopano pa Ngabu" anakhala pamwamba kuyambira sekondi yoyamba mpaka yomaliza, kuti ngakhale wina adule pena paliponse kapena aonere mawu atatseka, adziwebe kuti ndi malonda. Lole sinaonekenso. Katundu ndinasankha atatu okha, aliyense ndi mtengo wake wolembedwa pakatoni. Chobisika chinatsala chimodzi, bokosi lotseka la mphatso ya ogula khumi oyamba Loweruka lotsatira, pakuti chinsinsi cha mtundu umenewo chimakopa munthu popanda kumusocheretsa. Zonse zinakwana m'masekondi 24.

Ndisanamutumize, ndinamuonetsa kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene sankadziwa kalikonse za nkhaniyi, mawu nditatseka, n'kumufunsa kuti waona chiyani, chili kuti, ndipo chidzachitika liti. Anayankha zonse zitatu molondola, n'kuonjeza kuti sopo wa alamu ndi wodula kuposa wa pamsika. Alamu anafuna kuti tionjezemo mchere, koma mlongo wanga anawayang'ana kamodzi kokha ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Madzulo tikutseka, ndinakumbutsa alamu za shuga ndi mafuta anga. Anatsegula buku latsopano la ngongole, limene kapepala ka pakhomo kankati silidzagwira ntchito, n'kundionetsa tsamba loyamba. Dzina langa linali pamwamba, ndipo pansi pake analemba makireti a zakumwa, katoni ya sopo ndi ulendo wa ngolo ziwiri. Anachotsapo mtengo wa shuga ndi mafuta, n'kundiuza mokoma mtima kuti zotsalazo ndingathe kulipira pakutha pa mwezi.