Silayidi ya pa pulojekita si ya pa foni

Lolemba ndi Lachiwiri zidali zamasiku onse: zikwangwani ziwiri za msonkhano wa ku Limbe, kapepala ka malipoti a mwezi, ndi kudikira kuti magetsi abwere tichaje laputopu. Za zimenezo palibe chonena. Chomwe chatiwawa mu ofesi yathu ya zofalitsa mauthenga ndi cha Lachitatu.

Akuluakulu adatenga masilayidi omwe adaonetsa pa pulojekita pa maphunziro a atsogoleri a magulu a banki mkhonde, n'kuwasandutsa zithunzi, n'kuwaponya pa gulu la WhatsApp osatifunsa. Podzafika madzulo, atsogoleri ena a ku Bangwe adali atauza kale anthu awo kuti tsiku lomaliza kubweza ngongole ndi 18 Disembala, chikhalirecho pa silayidi padalembedwa 13. Ena mwaulesi akunena kuti atsogoleriwo sawerenga bwino. Zimenezo n'zabodza, ndipo masamu ake ndi awa.

Silayidi ya PowerPoint ya 16:9 ndi yotambalala masentimita 33.87 m'lifupi ndi 19.05 m'litali. Sikirini ya foni wamba ya itel kapena Tecno, itaimirira m'dzanja, m'lifupi mwake ndi masentimita 6.5 mpaka 7 basi. Ndiye kuti chilichonse cha pa silayidi chimachepa pafupifupi kasanu. Zilembo za silayidi ija zidali za mapoyinti 14, kotero pa foni zidasanduka ngati za mapoyinti 3. Onjezerani kuti WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo kufinyako kumayamba kuwononga m'mbali mwa zilembo zing'onozing'ono. Kukamwa kwa 3 kukangotsekeka pang'ono, wasanduka 8. Munthu akuwerengera padzuwa, galasi la foni litang'aluka, alibe mlandu.

Zilembozo zidachepa chonchi chifukwa cha kamakonzedwe kena ka m'bokosi la mawu kotchedwa Shrink text on overflow. Kakayatsidwa, ukamawonjezera mawu pulogalamuyo imangochepetsa zilembo mwakachetechete kuti zonse zikwane. Pa laputopu zimaoneka zaudongo. Choyamba kuchita ndi kulowa mu Format Shape, kenako Text Box, n'kusankha Do not Autofit. Mawu akasefukira aziwoneka kuti asefukira, chifukwa ndicho chizindikiro chakuti ndi ofunika kudula.

Lachinayi lonse lidathera pokonza. Tidayamba ndi kukula kwa silayidi: Design, Slide Size, Custom Slide Size, m'lifupi masentimita 28.58, m'litali 35.72. Ukaisunga ngati chithunzi imatuluka mapikiselo 1080 kwa 1350, yoimirira monga momwe anthu amagwirira foni. PowerPoint imafunsa ngati ukufuna Maximize kapena Ensure Fit. Ensure Fit imachepetsanso zonse kuti zilowe, ndiye ndi bwino kutsegula fayilo yatsopano n'kulemba mawu mwatsopano kusiyana ndi kukankhira zakale m'chikombole chatsopano.

Pa silayidi ya kukula kumeneku zinthu zimachepa pafupifupi kanayi pa foni. Choncho mawu wamba asatsike pa mapoyinti 40, omwe m'dzanja amaoneka ngati 9 kapena 10, ndipo mutu ukhale 60 kapena kuposa. Ukasiya mpata wa sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, mzere umodzi wa Arial wa mapoyinti 40 umalowa zilembo pafupifupi 34, kuwerengera ndi mipata yomwe.

Apa ndi pomwe malangizo ochokera m'mabuku a Chingerezi amatisocheretsa. Iwo amawerenga mawu pa mzere. Chichewa chathu chimalumikiza zambiri m'liwu limodzi: "tidzakudziwitsani" ndi liwu limodzi, koma lili ndi zilembo 17, theka la mzere. Ife tiziwerenga zilembo, osati mawu. Ndipo liwu lotere lisadulidwe pakati ndi kamzere; lisinthidwe ndi lalifupi.

Silayidi yomwe idabweretsa chisokonezo idali ndi chiganizo chimodzi cha mawu oposa 50:

"Tikufuna kudziwitsa atsogoleri onse a magulu a banki mkhonde a ku Bangwe kuti malinga ndi zomwe zidakambidwa pa msonkhano wa komiti yayikulu, mamembala onse amene adatenga ngongole akuyenera kukhala atamaliza kubweza pofika pa 13 Disembala, ndipo amene adzalephere kutero adzalipira chindapusa cha K2,000 pa sabata iliyonse, kupatula okhawo amene adadziwitsa komiti za vuto lawo tsikulo lisanafike."

Podula, funso ndi lakuti wolandira uthenga achite chiyani, liti, ndipo akapanda kuchita ziti zimugwere. "Tikufuna kudziwitsa" achoke, popeza chithunzicho chikudziwitsa kale. "Malinga ndi zomwe zidakambidwa pa msonkhano" ndi mbiri ya mu ofesi, ipite m'mawu olembedwa pansi pa chithunzi ngati wina akuifunabe. "Akuyenera kukhala atamaliza kubweza" ndi mawu anayi omwe akutanthauza "bwezani", ndipo "bwezani" ali kale ndi ulemu wake. Chotsala chidali ichi:

BWEZANI NGONGOLE
pofika 13 Disembala
Kuchedwa: K2,000 pa sabata
Muli ndi vuto? Uzani komiti
tsikuli lisanafike,
simulipira chindapusa.

Tsiku tidalipatsa mzere wakewake, mapoyinti 72, zilembo zonenepa zakuda pa choyera. Tidawonjezeranso dzina la tsiku la sabata pafupi ndi nambala, kuti nambala ikafufutika dzinalo ligwire cholakwikacho.

Mkangano waukulu udabuka pa mizere itatu yomalizayo. A bwana adati, "Chotsani za vutozo, silayidi iwoneke yopepuka." Mnzathu wojambula adawayankha kuti, "Bwana, mukachotsa pamenepo, mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala alipira chindapusa chomwe komiti idamukhululukira kale." Adanena zoona. Podula mawu, "kupatula", "pokhapokha", "osapitirira" ndi "musa-" sakhudzidwa. Ndi mawu omwe amaoneka ngati mchira wa chiganizo, koma ukawadula lamulo lasintha. Ngati sakukwana, silayidi igawidwe pawiri, zilembo zisachepetsedwe.

Kugawa nakonso kuli ndi msampha wake. Ukatumiza zithunzi zinayi kapena kuposa nthawi imodzi, WhatsApp imazisonkhanitsa n'kuonetsa timabokosi todulidwa m'mbali, ndipo ambiri amangotsegula choyamba. Wina potumizira mnzake amasankha chimodzi chokha, chija cha chindapusa, cha chikhululukiro n'kutsala. N'chifukwa chake chilango ndi chikhululukiro chake tidaziika pa chithunzi chimodzi, ndipo pakona ya chithunzi chilichonse tidalemba 1/3, 2/3, 3/3 pamodzi ndi dzina la gulu. Masilayidi 22 a pa maphunziro adatsika kufika pa atatu. Zotsalazo ndi zofotokoza pakamwa, osati za pa foni.

Ena amati bwanji osangotumiza fayilo ya PowerPoint kudzera pa Document. Foni zambiri za atsogoleri zilibe pulogalamu yoitsegulira, malo osungira zinthu adadzaza kale, ndipo fayilo yokhala ndi zithunzi imamaliza bandulo ya tsiku. Kusankha HD potumiza kumathandiza kuti zilembo zisafufutike kwambiri, koma sikukulitsa zilembo za mapoyinti 14.

Chomwe chikutipwetekabe mtima ndi chakuti ofesi ilibe ngakhale foni imodzi yotchipa yoyesera. Pempho lidalembedwa kalekale, yankho n'kumati ndalama palibe, pomwe kuyimbira atsogoleri mmodzimmodzi kukonza tsiku lolakwika kwadya mayunitsi ochuluka. Lachisanu tidabwereka foni ya a mlonda. Tidatumiza zithunzi zitatuzo pa WhatsApp, iwo n'kutuluka nazo panja padzuwa, n'kuwerenga mokweza osakulitsa chithunzi ndi zala. Pa chachiwiri adaima pa K2,000, akuti kachizindikiro kolekanitsa manambala sikakuoneka. Tidanenepetsa nambalayo, n'kutumizanso, ndipo atawerenga bwino lomwe ndi pomwe zidapita ku gulu.